Kulingalira Zochitika Kale m'Chingerezi: Must Have, Can't Have ndi Might Have

M'Chingerezi, munthu akafuna kunena za chinthu chimene sanachione chikuchitika koma akuchilingalira malinga ndi umboni, amatenga mneni wothandizira, n'kuikapo "have", kenako mneni wa mtundu wachitatu monga "gone", "taken" kapena "seen".

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wapeza chitseko cha kalasi chili pululu m'mawa, loko ali bwinobwino. Akanena kuti "The watchman must have opened it", ndiye kuti watsimikiza mumtima kuti mlonda ndiye anatsegula, poti makiyi amasunga ndi iyeyo. Koma akakumbukira kuti mlondayo ali m'chipatala, anena kuti "He can't have opened it", kutanthauza kuti n'zosatheka. Apa m'pamene ophunzira ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti mawu otsutsana ndi "must have" ndi "mustn't have", chonsecho m'Chingerezi cha ku Britain amene amayenera ndi "can't have" kapena "couldn't have".

Umboni ukachepa, pamabwera "might have", "may have" kapena "could have": "A pupil might have taken the key", mwina wophunzira wina anatenga kiyi. Onani kusiyana kwake pokana: "might not have taken" ndi kunena kuti mwina sanatenge, pamene "couldn't have taken" ikukaniratu.

"Have" sasintha ngakhale akutsatira "he" kapena "she". Kulemba "must has gone" kapena "must have went" n'kulakwa, ndipo "must of", imene ena amalemba potsata kamvekedwe ka "must've", aphunzitsi amaichonga kuti ndi yolakwa.