Nkhumba, Njiri Kapena Nguluwe: Kuzizindikira pa Chithunzi

Nkhumba yoweta, njiri ndi nguluwe ndi nyama za banja limodzi, koma mitundu yake ndi itatu yosiyana. Njiri ndi nguluwe kwawo ndi kuno ku Africa, pomwe nkhumba ya m'khola inachokera ku nkhumba zakutchire za ku Ulaya ndi ku Asia. Munthu akakumana nazo maso ndi maso amathandizidwa ndi kayendedwe kake, kukula kwake ndi malo omwe waziona. Chithunzi chimam'mana zambiri mwa zimenezi. Chimatsala ndi thupi la nyamayo, ndipo thupilo liyenera kuwerengedwa mwadongosolo: mutu poyamba, kenako mchira, ubweya ndi mawere, mtundu pomalizira.

Mtundu umabwera kumapeto chifukwa ndiwo umanamiza kwambiri. Nyama zitatu zonsezi zimakonda kugubuduka m'matope. Njiri khungu lake ndi lotuwa, koma ikachoka pa chithaphwi cha dothi la katondo imaoneka yofiira, ndipo nkhumba yoyera yogona m'matope a kudambo imatuluka itada bii. Nguluwe nazo sizifanana: zina ndi zofiirira, zina zoderapo, ndipo zambiri zimanka zida zikamakalamba.

Njiri ndiyo yosavuta, bola mutu uoneke. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, nkhope ndi yotambalala komanso yaphwatalala, ndipo maso anakhala pamwamba, chakumbuyo pafupi ndi makutu. Pansi pa diso lililonse pali chotupa cholimba chonga njerewere yaikulu. Yamphongo ili ndi zotupa zina ziwiri chakutsogolo, pafupi ndi minyanga, pomwe yaikazi zake zooneka bwino ndi ziwiri zazing'ono za pansi pa maso. Minyanga yam'mwamba imatulukira m'mbali mwa kamwa n'kupindikira kumwamba, ndipo pa mphongo yokhwima imafika masentimita 25 kapena kuposa. Palibe nkhumba yoweta kapena nguluwe yokhala ndi minyanga yotambasuka chonchi.

Thupi la njiri lili ndi ubweya wapatalipatali, moti khungu ndi makwinya ake zimaonekera, kupatula chenjerere chachitali choyambira m'khosi kutsika ndi msana. Miyendo ndi yowonda. Zizolowezi zake ziwiri zimagwidwanso kawirikawiri ndi kamera. Ikamadya udzu waufupi imagwada ndi miyendo yakutsogolo, mbuyo ili m'mwamba, ndipo ikamathamanga imaimika mchira wake woonda, wa kaubweya kunsonga, kuti njo. Njiri imayenda masana n'kugona ku una usiku, n'chifukwa chake zithunzi zake zambiri zochokera ku Liwonde, Majete kapena South Luangwa zimakhala zowala bwino. Komabe malo a pachithunzi asakhulupiriridwe kwambiri. Pa malo ogona alendo m'nkhalangozi njiri zimadya kapinga pafupi ndi nyumba, choncho khoma kapena mpando kumbuyo kwa nyama si umboni woti ndi yoweta.

Povuta penipeni ndi pakati pa nguluwe ndi nkhumba yachikuda. Nkhumba za mtundu wa Large White, zoyera za makutu oimirira, ndi za Landrace, za makutu ogwera kumaso, sizisokoneza munthu. Koma nkhumba ya kumudzi yoyendayenda yokha nthawi zambiri imakhala yakuda, yaubweya, ya mphuno yaitali ndi thupi lopanda mafuta ambiri, ndipo mchira wake nthawi zina sukhala wopiringizika. Lamulo lodziwika loti nkhumba yoweta imazindikirika ndi mchira wopotana limagwira mbali imodzi yokha. Mchira wopotana ukutanthauza nkhumba yoweta, koma mchira woongoka sukutanthauza nyama yakutchire. Nguluwe mchira wake ndi woongoka, ndipo imauzolika pansi ngakhale ikuthawa.

Chomwe chimaipereka nguluwe ndi ubweya. Thupi lonse ndi lokutidwa ndi ubweya wokhakhala, ndipo kuyambira pamutu kutsata msana pali mzere wa ubweya wautali wotuwa kapena woyererako, womwe umanyankhalala nyamayo ikaopsedwa. Nkhope nayo kawirikawiri imakhala yotuwa kusiyana ndi thupi. Makutu ndi oimirira, osongoka, okhala ndi kaubweya kunsonga. Mano ake ndi akuthwa koopsa, koma ndi aafupi moti pa chithunzi saoneka kwenikweni. Mphongo zokalamba zimakhala ndi zotupa pamphuno, ngakhale sizitundumuka ngati za njiri. Ikaima cham'mbali, nguluwe imaoneka yolemera kumapewa n'kuchepera kumbuyo, pomwe nkhumba yodyetsedwa bwino imakhala ndi msana wautali, ntchafu zonenepa ndi masaya olendewera.

Ana ndi mawere amathetsa mkangano msanga. Tiana ta nguluwe timabadwa toderapo, tili ndi mizere yotuwa yoyenda kuchoka kukhosi kupita kumchira, ndipo mizereyi imazimirira pakapita miyezi ingapo. Tiana ta njiri n'totuwa, topanda mizere. Njiri yaikazi ili ndi mawere 4, nguluwe 6, pomwe nkhumba yoweta imakhala ndi 12 kapena 14 ondandalikana m'mizere iwiri kuyambira pachifuwa mpaka kumbuyo. Nyama yoyamwitsa yomwe mawere ake afika pafupi ndi miyendo yakutsogolo ndi ya m'khola. Chimodzimodzi khutu lodulidwa chizindikiro, kapulasitiki ka nambala pakhutu, mchira wodulidwa kapena chingwe pamwendo.

Chitsanzo chabwino ndi chithunzi chojambulidwa usiku ndi kamera yotchera pamtengo, m'munda wa chimanga wochita malire ndi nkhalango. Makamera otere usiku amatulutsa zithunzi zopanda mtundu, ndipo pakona amalembapo nthawi, tinene 01:40. Pachithunzipo pali nyama imodzi yaikulu itaima cham'mbali, mutu uli pansi, ndi kena kakang'ono kumbuyo kwake. Nthawi yokhayo ikuchepetsa mwayi woti ndi njiri, koma siikuchotsa nkhumba ya m'mudzi yomwe yathyola khola. Woyang'ana akulitse chithunzicho pamutu. Ngati palibe minyanga yotulukira m'mbali kapena chotupa pansi pa diso, ndipo nkhope ndi yaitali yosongoka, njiri yatuluka m'nkhaniyi. Kenako ayang'ane pamsana. Mzere wowala woyambira pamutu, wosiyana ndi nthiti zakuda, ukuloza kwa nguluwe. Apa pamafunika kusamala, chifukwa kuwala kwa kamera kumayeretsa chilichonse chomwe chili pafupi nayo. Mzere weniweni umatsata msana ndipo ubweya wake umaoneka wautali, pomwe kuyera kwa nyali kumagwera mbali yonse yoyang'ana kamera. Pomaliza ndi kamwana kaja. Ngati m'nthiti mwake muli mizere yopita kumchira, nkhani yatha, ndi nguluwe ndi mwana wake.

Yankho lolondola lili ndi ntchito yake. Nkhumba ya mnansi ikaononga mbewu, nkhani imapita kwa mfumu, koma nguluwe kapena njiri yochokera kumalo otetezedwa ndi nkhani ya a zanyama zakutchire. Mlimi wa nkhumba alinso ndi chifukwa china chodziwira, popeza njiri ndi nguluwe zimatha kukhala ndi kachilombo ka chigodola cha nkhumba osadwala, pomwe matendawa amapululutsa khola.

Zithunzi zina siziyankha funsoli. Nyama yojambulidwa chakumbuyo, mutu ndi mchira zitabisika muudzu, ikhoza kukhala iliyonse mwa zitatuzi. Kukula nako sikuthandiza pokhapokha pafupi pali chinthu choyerekezera nacho, ndipo ngakhale chitakhalapo, njiri ndi nguluwe zazikulu zimalingana msinkhu, zonse zosafika mita imodzi paphewa. Pa chithunzi chotere n'koyenera kulemba kuti nyamayo ndi ya banja la nkhumba, kenako kutcheranso kamera motsika, cha m'mawondo a munthu, itayang'ana mopingasa mkwaso womwe nyamayo imadzera, kuti ulendo wotsatira mutu ndi msana zidzagwidwe pamodzi.