Khanda likamasanza mothovoka koma n'kumalirirabe bere

Pafupifupi khanda lililonse limabweza mkaka. Likayamwa n'kugeya, timkaka timatsika pachibwano, mayi amapukuta ndi nsonga ya chitenje, nkhani yatha. Mwana wotere amanenepa bwinobwino ndipo palibe chodetsa nkhawa. Koma pali kusanza kwina kumene mayi akakuona kamodzi sakuiwala. Mwana wangochotsedwa kubere, papita mphindi zochepa, mkaka wonse ukutuluka mwamphamvu ngati wachita kuponyedwa, mpaka kukagwera pamwendo wa munthu amene wakhala moyang'anizana naye. Chodabwitsa n'chakuti mwanayo saoneka wodwala. Akangosanza amayamba kufunafuna bere, akuyamwa zibakera, njala ili tho.

Kuchipatala vutoli amalitcha pailoriki sitenosisi. Kumunsi kwa chifu kuli kakhomo kamene chakudya chimatulukira polowa m'matumbo, ndipo kakhomoka n'kozunguliridwa ndi mnofu umene umatseka ndi kutsegula. Mwa ana ena mnofuwu umakula mopitirira, umakhuthala ndi kulimba mpaka njira ya mkaka imatsala kakang'ono. Chifu chimayesetsa kukankha, chimalephera, ndiye mphamvu yonseyo imabwerera kukamwa. Mwana sabadwa mnofu uli wokhuthala kale. Umakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake masabata awiri oyamba zonse zimayenda bwino, ndipo kusanza kumayamba kawirikawiri pakati pa sabata lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi. Mwana akapitirira miyezi itatu, vutoli silionekanso kawirikawiri.

Ana aamuna ndi amene limawagwira kwambiri, pafupifupi anayi pa mtsikana mmodzi aliyense, makamaka oyamba kubadwa. Limayendanso m'magazi: ngati mayi kapena bambo anachitidwa opaleshoni yotereyi ali khanda, ana awo akhoza kulipezanso. Madokotala anaonanso kuti makanda opatsidwa mankhwala a erithromaisini m'masabata awiri oyamba a moyo amalipeza kwambiri kuposa anzawo. Mkaka wa mayi ulibe mlandu, kanyamulidwe ka mwana kalibe mlandu, ndipo kusiyitsa bere n'kuyamba wa m'chitini sikutsegula njira yotsekeka.

Titenge chitsanzo cha mwana wamwamuna wobadwa ndi makilogalamu 3.2. Pa masabata atatu wafika pa 3.8, akuyamwa bwino. Kenako akuyamba kubweza mkaka kuposa kale, poyamba kamodzi kapena kawiri patsiku. Pakutha pa sabata, akusanza nthawi iliyonse imene wayamwa, ndipo masanzi akufika patali. Masanziwo ndi oyera, mkaka weniweni, nthawi zina wogwirana pang'ono. Chimbudzi chayamba kusowa chifukwa kumatumbo sikukufika kanthu. Matewera amene mayi ankachapa ambirimbiri tsopano akukhala ouma theka la tsiku. Pa masabata asanu sikelo ikuonetsa 3.4. Mwana amene anayenera kukwera watsika, nkhope yachita makwinya, maso alowa, ndipo liwombo lalowa m'kati.

Paliwombo apa m'pamene mabanja ambiri amasochera. Agogo akaona liwombo lafwafwala amati vuto ndi liwombolo, ndipo masiku amatha akupaka mankhwala pamutu kapena kumwetsa mwana zitsamba. Liwombo lolowa ndi chizindikiro choti m'thupi madzi atha. Mwana ameneyu akuuma, ndipo chilichonse chomumwetsa chikubwerera momwe chalowera. Ngakhale thanzi ORS, amene amapulumutsa ana otsegula m'mimba, apa sathandiza chifukwa nayenso sadutsa pakhomo lotsekekalo.

Mtundu wa masanzi ndi wofunika kuuyang'ana ndi kuufotokoza bwino kuchipatala. Ndulu imathirira m'matumbo kunsi kwa kakhomo ka chifu, choncho mwana wa vutoli sasanza ndulu. Masanzi obiriwira mwa khanda amaloza kutsekeka kwina kumunsi, mwina matumbo apotana, ndipo kumeneko matumbo akhoza kufa m'maola ochepa. Mwana wotere safunika kugona kunyumba. Mwana amene akusanza koma watentha thupi, wafooka ndipo akukana bere, angakhale ndi matenda a m'magazi, a m'mkodzo kapena oumitsa khosi. Wa pailoriki sitenosisi amadziwika ndi njala yake, ngakhale kuti akauma kwambiri naye amafika pofooka n'kusiya kuyamwa.

Akafika kuchipatala, dokotala wodziwa amapempha mayi kuti ayamwitse mwana iye akuona. Amavundukula mimba n'kuyang'ana mwachifatse. Mwa mwana wowonda, chifu chikamalimbana ndi mkaka chimaoneka pakhungu: kachotupa kamadzuka kumanzere pansi pa nthiti n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kumanja, kenako kena kamatsatira. Atatero, dokotala amakhala kumanzere kwa mwana n'kusindikiza modekha ndi nsonga za zala pamwamba pa mchombo chakumanja. Chimene akufuna ndi kanthu kolimba, koterera, kukula ngati chipatso cha masawu, kamene kamathawa pansi pa zala. Kameneko ndi mnofu wokhuthala uja. Sikapezeka msanga. Mwana akamalira mimba imalimba, ndipo pamafunika kudikira mphindi zingapo, nthawi zina mwana atangosanza kumene pamene mimba yafewa. Dokotala wa opaleshoni akakagwira mosakayika, umboni wakwana.

Masiku ano sikani ndi imene imathetsa mkangano, makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Mwana sabayidwa ndipo samva ululu. Wounika amayeza mnofuwo: ukakhuthala mamilimita 3 kapena kuposa, ndipo njira yake itatalika mamilimita pafupifupi 15 kupita m'tsogolo, mkaka osaoneka ukudutsa, ndiye kuti ndi vutoli. Mwana akabwera kusanza kutangoyamba kumene, miyeso ikhoza kukhala ya pamalire, ndipo amamuunikanso pakapita masiku angapo.

Apa pali chinthu chimene chimakwiyitsa makolo. Auzidwa kuti mwana afunika opaleshoni, koma tsiku likudutsa, lachiwiri likudutsa, mwana ali padilipi, kapaipi kali m'mphuno, ndipo mayi aletsedwa kuyamwitsa. Ena amaganiza kuti achipatala awanyalanyaza. Kudikira kumeneku n'kwadala, ndipo ine ndimakuona ngati gawo lalikulu la chithandizo chonse. Chimene chimapha mwana wa vutoli ndi kutha kwa madzi ndi michere m'thupi. Madzi a m'chifu ali ndi asidi ndi mchere wa kolorayidi, ndipo mwana amene wasanza masabata awiri wataya zambiri. Magazi ake amatsala ndi asidi wochepa kuposa muyeso, potaziyamu nayenso amatsika. Thupi limayesa kudzikonza mwa kupuma pang'onopang'ono, ndipo mwana wotere ukamugoneka ndi mankhwala a opaleshoni akhoza kudzuka mochedwa kapena kusiya kupuma.

Tibwerere kwa mwana wa makilogalamu 3.4 uja. Magazi ake atayezedwa, tinene kuti kolorayidi wapezeka pa 85, pamene mwa mwana wabwino amakhala pafupi ndi 100. Poyamba amamupatsa madzi amchere kudzera m'mtsempha, mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza osaposa 70 pa ulendo umodzi. Kenako dilipi imapitirira ndi madzi amchere osakaniza shuga, popeza mwanayo sakudya. Potaziyamu amawonjezera akaona kuti mwana wayamba kukodza, chifukwa impso zikapanda kugwira ntchito mchere umenewu umaunjikana n'kusokoneza mtima. N'chifukwa chake anamwino amafunsafunsa za matewera. Kapaipi ka m'mphuno kamakhetsa zotsalira m'chifu kuti mwana asatsamwe. Magazi amayezedwanso, ndipo kolorayidi akafika pa 100, bayikaboneti atatsika kufika pansi pa 30, ogonetsa amavomera. Mwana wobwera msanga amakonzeka m'tsiku limodzi. Wobwera atauma amatha masiku awiri, atatu kapena kuposa. Mayi pamasiku amenewa azifinya mkaka pafupipafupi kuti mawere asaume.

Opaleshoni yake ndi yakale ndipo siinasinthe kwenikweni. Matendawa anawafotokoza bwino dokotala wa ku Denmark, Harald Hirschsprung, mu 1888, ndipo nthawi imeneyo ana ambiri ankamwalira nawo. Mu 1911 dokotala wa ku Germany, Conrad Ramstedt, anachita njira imene ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero, ndipo imatchedwa ndi dzina lake. Dokotala amacheka pang'ono pamimba chakumanja, kapena m'mphepete mwa mchombo kuti chipsera chibisike, ndipo kumene kuli zipangizo amalowetsa kamera pa timabowo. Akafika pa mnofu wokhuthalawo amaulemba ndi mpeni m'litali mwake, kenako amautambasula ndi chida chosathwa mpaka khungu lofewa la m'kati litatukumukira pampatapo. Sachotsa kanthu ndipo mnofuwo sausoka. Amausiya wong'ambika choncho, njira yatseguka, ndipo umadzapola wokha uli womasuka. Ntchito yonse siikwana ola limodzi.

Luso lili pa malire. Akacheka mopitirira, makamaka kumbali ya matumbo kumene mnofu umathera mwadzidzidzi, khungu la m'kati limabooka. Madokotala ambiri amapopera mpweya m'chifu kudzera pa kapaipi kaja kuti aone ngati pakutuluka thovu, ndipo bowo likaoneka pomwepo amalisoka, mwana n'kungochedwa kuyamba kuyamwa. Bowo losaoneka ndilo loopsa: mwana amatentha thupi, mimba imatupa, ndipo amabwerera ku fiyeta. Akacheka moperewera, kusanza kothovoka kumapitirira ndipo opaleshoni imabwerezedwa. Zonse ziwirizi sizichitika kawirikawiri. M'mayiko ena, monga ku Japan, ena amayesa mankhwala a atropini ofewetsa mnofu, koma amatenga masabata ndipo sachiritsa onse.

Kuno ku Malawi opaleshoni ya makanda ang'ono chonchi imachitikira kuzipatala zazikulu, monga ku Mercy James Centre pa Queen Elizabeth ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 2017, ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kuchipatala cha kufupi ndi kwanu ntchito yawo ndi kuzindikira vutolo, kuika dilipi ndi kutumiza mwana. Mayi angawathandize kwambiri ndi mawu ake komanso buku la kusikelo: kusanza kunayamba mwana ali ndi masabata angati, kumafika patali bwanji, masanzi ndi a mtundu wanji, akatha kusanza amafuna bere kapena ayi, wanyowetsa matewera angati kuyambira dzulo. Ngati wapatsidwa mankhwala n'kubwezedwa kunyumba koma kusanza kukukulirakulira ndipo sikelo ikutsika, abwerere mawa lake n'kupempha kuti mwana aonedwenso.

Opaleshoni ikatha, mwana amabwerera kubere pakangopita maola ochepa. Tsiku loyamba ndi lachiwiri akhoza kusanzabe pang'ono chifukwa chifu chakhala chikuvutika kwa masabata, ndipo izi zimatha zokha. Ambiri amatuluka pakapita tsiku limodzi kapena awiri, kupatula amene anafika atawonda kwambiri. Kunyumba chofunika kuyang'ana ndi bala: likafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, mwana abwerere kuchipatala. Vutoli likachitidwa bwino silibweranso, mwana amadya ndi kukula ngati wina aliyense, ndipo sikelo imayamba kukwera m'sabata yoyamba yomwe. Banja limene zinawachitikira liuze anamwino pamene mwana wotsatira wabadwa, kuti akadzayamba kubweza mkaka mopitirira aunikidwe msanga.