Kalata yothetsa ntchito pa nthawi yoyesedwa

Kalata yothetsa ntchito pa nthawi yoyesedwa ndi kalata imene wolemba ntchito amapereka kwa wantchito watsopano pomuuza kuti sapitiriza naye chifukwa kagwiridwe kake ka ntchito sikanafike pa mlingo wofunika. Nthawi yoyesedwayi ambiri amaitcha pulobeshoni. Ku Malawi nkhaniyi imayendera Lamulo la za Ntchito la chaka cha 2000.

Zimene lamulo likunena

Gawo 26 la lamuloli limalola wolemba ntchito ndi wantchito waluso kugwirizana za nthawi yoyesedwa, koma isapitirire miyezi 12. M'nthawi imeneyi, aliyense mwa awiriwa atha kuthetsa mgwirizano popanda kupereka notisi.

Olemba ntchito ambiri amasokoneza kusapereka notisi ndi kusapereka chifukwa. Gawo 57 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi. Limatinso ngati chifukwacho ndi luso kapena khalidwe, munthuyo apatsidwe kaye mpata woyankhapo. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko nalo limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Choncho kalata yabwino imasonyeza chifukwa chake komanso njira imene inatsatidwa.

Zofunika kuchitika kalata isanalembedwe

Kalata imangofotokoza zimene zinachitika kale, ndiye siingakonze zimene zinadumphidwa. Wantchito amayenera kuuzidwa kuyambira pachiyambi mlingo umene akuyembekezeka kufikapo. Akamalephera, amauzidwa pamene pakuperewera, amathandizidwa ndi kupatsidwa nthawi yoti asinthe. Pomaliza amaitanidwa kuti apereke mbali yake. Zokambirana zonsezi zimalembedwa, chifukwa gawo 61 limati pakabuka mlandu, wolemba ntchito ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chimene anamuchotsera munthuyo.

Chitsanzo

Tiyerekeze kalaliki wosunga mabuku a ndalama amene anayamba ntchito pa 1 Febuluwale, pa pulobeshoni ya miyezi 6, ndipo amagwira masiku 5 pa sabata. Pakati pa kalata yake patha kulembedwa motere:

"Monga mwa mgwirizano wathu, lipoti la ndalama la mwezi uliwonse limayenera kuperekedwa pofika pa 5 mwezi wotsatira. Malipoti a Febuluwale, Malichi ndi Epulo munawapereka mochedwa, ndipo awiri mwa iwo sanagwirizane ndi sitetimenti ya ku banki. Tinakambirana nanu pa 28 Malichi ndi pa 25 Epulo, ndipo mkulu wa zachuma anakuphunzitsani kwa sabata ziwiri. Pa 26 Meyi munafotokoza kuti kompyuta imachedwa. Tafufuza ndipo tapeza kuti inakonzedwa mu Malichi, koma vutoli linapitirira. Pa chifukwa ichi, ntchito yanu itha pa 31 Meyi."

Chiganizo chilichonse m'ndimeyi chili ndi tsiku kapena chinthu chimene chingatsimikizidwe. Mawu monga "ndinu waulesi" kapena "simukutikwanira" sapezekamo, chifukwa amanyoza munthu koma osasonyeza chimene chinalephereka.

Kalatayo imatchulanso ndalama zimene wantchito alandire. Wogwira masiku 5 pa sabata amakhala ndi masiku 15 a tchuthi pa chaka, ndiye pa miyezi 4 wasunga masiku 5. Ngati malipiro ake ndi K264,000 pa mwezi ndipo awerengera masiku 22 ogwira ntchito, tsiku limodzi ndi K12,000, ndipo ya tchuthi ikhala K60,000, kuwonjezera pa malipiro a Meyi. Gawo 53 limati ndalamazi ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Ndalama ya chipukutamisozi yotchulidwa m'gawo 35 siperekedwa kwa munthu amene ali pa pulobeshoni. Wantchito alinso ndi ufulu wopempha satifiketi yosonyeza ntchito imene ankagwira, kutalika kwa nthawi yake ndi malipiro ake.

Zolakwika zofala

Cholakwika chachikulu ndi kulemba kalata nthawi yoyesedwa itatha kale. Ngati miyezi 6 yadutsa munthu akugwirabe ntchito popanda mgwirizano wowonjezera nthawiyo, wolemba ntchito sangadalirenso gawo 26, ndipo malamulo a notisi amayamba kugwira ntchito.

Cholakwika china ndi kubisa chifukwa choletsedwa ponamizira kulephera ntchito. Lamulo sililola kuchotsa munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali, pathupi, kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda, kapena kulowa bungwe la apantchito. Chimene chimaulula chinyengo chotere kawirikawiri ndi masiku: kalata imabwera wantchito atangonena kuti ndi woyembekezera, pamene m'faelo yake mulibe chenjezo lililonse.

Wantchito amene akuona kuti sanachitiridwe chilungamo atha kukadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake pasanathe miyezi 3 chichotsedwereni. Nkhani ikakanika kumeneko, imapita ku khoti loona milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito.