Kapepala Kotopetsa Maso: Vuto Lili Pati?

Amalume anga ali mu kalabu ya alimi kumudzi kwathu. Tsiku lina anabwera ndi kapepala kophunzitsa kapangidwe ka manyowa. Anakhala pakhonde, n'kuyamba kuwerenga atayika chala pansi pa mzere. Atawerenga mizere isanu yokha, anabwereza mzere womwe anali atawerenga kale, kenako anakapinda n'kukaika m'thumba. "Maso angaŵa atha," anatero. Koma amalume omwewo amaŵerenga Baibulo usiku uliwonse osadandaula. Vuto silinali maso awo.

Ndinakatenga kapepalako n'kukayeza. Kanali ka A4, pepala lotalika mamilimita 210 m'lifupi, ndipo mawu anayalidwa kuchokera kumanzere mpaka kumanja, mamilimita 170 athunthu. Nditaŵerenga zilembo za mzere umodzi, pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu, zinapitirira 100.

Apa ndi pamene panagona vuto lalikulu. Diso likamaŵerenga siliyenda mwamyaa ngati madzi mu ngalande. Limadumpha, n'kuima, n'kudumphanso. Likafika kumapeto kwa mzere, limabwerera kumanzere kukafuna poyambira mzere wotsatira. Mzere ukatalika kwambiri, ulendo wobwererawu umatalikanso, ndipo diso limatera pa mzere wolakwika. Munthu akasochera kaŵiri katatu, amagwa ulesi. Robert Bringhurst, m'buku lake la 1992 lonena za kayalidwe ka zilembo, anati mzere wabwino umakhala ndi zilembo 45 mpaka 75, ndipo pomwe pali madanga angapo pa tsamba, zilembo 40 mpaka 50 zimakwana.

Chinakulitsa vutoli ndi kupanikizana kwa mizere. Osindikiza amayeza zilembo ndi mapointi, ndipo pointi imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.35. Zilembo za kapepala kaja zinali za mapointi 9, mizere itatsala pang'ono kukhudzana, mchira wa g ukugunda mutu wa h wapansi pake. Kampata koyera ka pakati pa mizere ndi njira imene diso limatsata pobwerera kumanzere. Mukakatseka, mwatseka njirayo. Kuchokera pa mzere wina kufika pa unzake payenera kukhala mtunda woposa kukula kwa zilembo ndi 20 mpaka 45 peresenti, ndipo mzere ukatalika, mpatawo uyenera kukula.

Nanga mapointi 9 aja? Mnyamata wa pa kompyuta amawaona bwinobwino chifukwa amakulitsa tsamba pa sikirini. Koma munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo alimi ambiri amene amalandira timapepalati alibe magalasi. Amaŵerenganso madzulo, atabwerako kumunda, kuwala kutachepa. Dziŵaninso kuti nambala yokha ingakunamizeni: Arial wa mapointi 11 amaoneka wamkulu kuposa Times New Roman wa mapointi 11 omwewo, chifukwa zilembo zake zing'onozing'ono n'zazitali.

Ndinakalembanso kapepalako mu Microsoft Word. Pa `Columns` ndinagaŵa tsamba m'madanga aŵiri a mamilimita 80, pakati n'kusiya mamilimita 10. Zilembo ndinazikweza kufika pa Arial wa mapointi 11, ndipo pa `Line spacing` ndinasankha `Exactly` n'kulemba 14. Mzere uliwonse unatsala ndi zilembo pafupifupi 45.

Pomwepo panabuka vuto lina limene ife olemba Chichewa tiyenera kulidziŵa. Mawu athu ndi aatali. Taganizani za "akadzasakanizidwa" kapena "musanawagwiritse". M'danga lopapatiza, mukasankha `Justify` kuti mizere yonse ithere pamodzi, kompyuta imakankhira mawu otereŵa ku mzere wotsatira, n'kutambasula otsalawo. Tsamba limadzaza ndi magwelu ngati m'kamwa mwa mwana woguluka mano. Ndinasankha `Align Left`, mizere n'kumathera paliponse pamene yathera, ndipo mipata ya pakati pa mawu inafanana.

Koma zonsezi zili ndi mtengo wake. Mawu aja sanakwanenso pa tsamba limodzi. Apa ambiri amathamangira kuchepetsa zilembo, poopa kulipira pepala lachiŵiri, ndipo ine ndimati ndiko kutaya ndalama yonse ya kusindikiza. Ndinachotsa malonje aatali a koyambirira ndi ziganizo zobwereza, n'kusiya miyeso ya ndowe, phulusa ndi madzi basi.

Amalume anakaŵerenga mpaka pansi, chala chili pa bondo.

Inu amene mukukonza kapepala ka tchalitchi, ka sukulu kapena ka bizinesi yanu, musakaweruzire pa sikirini. Sindikizani kamodzi kokha pa kukula kwake kwenikweni, ŵerengani zilembo za mzere umodzi, kenako kapatseni munthu wachikulire akaŵerenge mokweza. Mukaona akubwereza mzere, kapena akutalikitsa dzanja uku akutsinzinira, bwererani pa kompyuta musanasindikize enawo.