Kalata yoitanira msonkhano m'zinenero ziwiri: ndani achite chiyani, pofika liti

Pakati pa Dedza ndi Ulongwe, likulu la boma la Angonia m'chigawo cha Tete ku Mozambiki, pamadutsa mbatata ya kachewere, chimanga, nyemba ndi anthu ochita malonda tsiku ndi tsiku. Pamsika anthuwa amamvana bwinobwino, pakuti Chichewa cha ku Dedza ndi Chinyanja cha ku Angonia ndi chinenero chimodzi. Vuto limayamba nkhani ikafika papepala. Wa ku Malawi anazolowera kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi, pomwe mnzake wa ku Angonia anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, ndipo ngati anachokera ku Beira kapena ku Maputo, mwina Chinyanja sachimva n'komwe. Gulu la anthu otere likafuna kukumana, kalata yoitanira msonkhano imayenera kulembedwa m'zinenero ziwiri, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kunena chinthu chimodzi.

Tiyerekeze gulu la anthu asanu ndi atatu ogula mbatata kwa alimi, ena ali ku Dedza, ena ku Ulongwe. Akufuna kukumana kwa ola limodzi m'mwezi wa Meyi 2025 kuti agwirizane za kanyamulidwe ka mbatatayo. Mlembi ali ku Dedza, ndipo kalata aitumiza pa imelo ndi pa WhatsApp.

Tsiku la msonkhano ndilo loyamba kusokoneza anthu. Ife timawerenga masiku kuyambira Lolemba, motero Lachiwiri ndi tsiku lachiwiri la ntchito, Lachitatu lachitatu, mpaka Lachisanu. Chipwitikizi nachonso chimatchula masiku ndi manambala, koma chimayambira Lamulungu. Lolemba lathu iwo amati segunda-feira, kutanthauza tsiku lachiwiri, ndipo Lachitatu lathu ndi quarta-feira, tsiku lachinayi. Mlembi amene Chipwitikizi amangochidziwa pang'ono akamasulira Lachitatu potsata nambala, alemba terça-feira, ndipo anzake a ku Ulongwe afika Lachiwiri, tsiku lathunthu msonkhano usanachitike. Mankhwala ake ndi osavuta: dzina la tsiku lisayende lokha, litsagane ndi deti lolembedwa m'manambala. Munthu akaona kuti dzina ndi deti sizikugwirizana pakalendala yake, afunsa nthawi ikadalipo.

Mawu monga "mawa", "mkuja" ndi "sabata yamawa" asapezeke m'kalatamo. Uthenga wa pa foni umatumizidwa kwa ena patapita masiku awiri, wina amauwerenga atapeza netiweki Loweruka, ndipo "mawa" wa mlembi sakhalanso "mawa" wa wowerenga. Mlembi ayang'anenso makalendala a mayiko onse awiri. Pa 14 Meyi ku Malawi ndi tchuthi cha Kamuzu pomwe ku Mozambiki anthu ali pa ntchito, ndipo pa 25 Juni ndi Mozambiki imene imakumbukira ufulu wake ife tikugwira ntchito. N'chifukwa chake gulu lathuli lasankha Lachitatu pa 21 Meyi. Mwayi wake ndi woti mayiko awiriwa ali pa nthawi imodzi, ndiye 14:00 ku Dedza ndi 14:00 ku Ulongwe.

Tsopano tifike pa ajenda, yomwe ndi ndondomeko ya zokambirana. Ambiri timalemba mitu ya mawu amodzi kapena awiri: "Mayendedwe", "Ndalama", "Nkhokwe". Pagulu la chinenero chimodzi mitu yotere imapitirira chifukwa anthu anamva kale nkhaniyo pocheza. Koma amene salankhula chinenero cha mlembi sanamve macheza amenewo. Akawerenga "Mayendedwe" sadziwa ngati akukamva lipoti, kukapereka maganizo kapena kukamanga mfundo. Amabwera chimanjamanja, ndipo msonkhano umathera pa kufotokozerana nkhani imene aliyense akanaikonzekera kunyumba.

Mutu uliwonse uyambe ndi mneni wonena chimene gulu lichite pa nkhaniyo. Aneni atatu ndi okwanira: kumva, kukambirana, kusankha. Mlembi agwirizane ndi womasulira kuti mneni aliyense akhale ndi mnzake mmodzi m'Chipwitikizi, ndipo asasinthesinthe pofuna kukometsa kalata. Ngati "kusankha" lero ndi decidir, akhale decidir m'kalata zonse. Pambuyo pa mneni pabwere nkhani yeniyeni, wotsogolera nkhaniyo ndi mphindi zake. Pa foni zingaoneke chonchi:

```
Lachitatu / quarta-feira, 21 Meyi / Maio 2025, 14:00-15:00
2. Kusankha: galimoto imodzi kapena ziwiri zonyamula mbatata (mphindi 25)
2. Decidir: um camião ou dois para levar a batata (25 minutos)
```

Taonani kuti zinenero ziwirizi zaikidwa mzere ndi mzere, ndipo nambala 2 ili pa mizere yonse iwiri. Izi zimaposa kulemba Chichewa chonse pamwamba ndi Chipwitikizi chonse pansi. Pa foni munthu amaona mizere yoyamba yokha, ndipo amene chinenero chake chili pansi amatha kuganiza kuti uthengawo si wake. Kachiwiri, wapampando akati "tili pa nambala 2", aliyense amaloza malo amodzi. Ndipo mlembi akasintha mzere umodzi, mnzake amakhala pansi pake pomwepo, sangauiwale. Kalata zambiri zimasiyana chifukwa mlembi anawonjezera nkhani m'chinenero chake kumasulira kutachitika kale.

Nthawi nayo iwerengedwe moona. Ngati womasulira azibwereza zonse wolankhula akamaliza, mawu aliwonse amanenedwa kawiri, ndiye mu ola limodzi mumalowa nkhani za pafupifupi theka la ola. Gulu lathuli lisapitirire mitu itatu: kumva kwa woyang'anira nkhokwe kuti matumba alipo angati, mphindi 10, kusankha za magalimoto, mphindi 25, kukambirana za malipiro a alimi, mphindi 15. Mphindi 10 zotsala n'zowerengera ntchito zimene zagawidwa. Kalatayo inenenso chinenero chimene msonkhano uyendere ndi amene adzamasulire, kuti munthu asadzadzidzimutsidwe ndi ntchito yomasulira ali pakhomo. Mutu wa "zina ndi zina" ine ndimaukana pa gulu lotere, chifukwa umabweretsa nkhani imene mbali imodzi sinaione m'chinenero chake. Amene ali ndi nkhani aitumize kwa mlembi pofika Lolemba pa 19 Meyi kuti imasuliridwe.

Gawo lovuta kwenikweni ndi la ntchito zopatsidwa kwa anthu, kaya zoti zichitike msonkhano usanafike kapena zotuluka mu msonkhanowo. Apa ulemu wathu umatha kubisa mwini ntchito. Sitikonda kuloza wamkulu chala, ndiye timalemba kuti "mitengo ya magalimoto ifufuzidwe" kapena "tiyesetse kupeza mitengo". Pakati pa ife tokha aliyense amadziwa amene akunenedwa, chifukwa timamva kamvekedwe ka mawu ndipo timadziwa maudindo. Chiganizocho chikamasuliridwa chimatsala chopanda munthu. A ku Ulongwe amaganiza kuti a ku Dedza achita, a ku Dedza amadikira a ku Ulongwe, ndipo pa 21 Meyi patebulo palibe mtengo ngakhale umodzi.

Ulemu sufunika kutayidwa kuti munthu atchulidwe. Mlembi angathe kulemba kuti: "Tikupempha a woyang'anira zamayendedwe kuti atumize kwa mlembi, pa WhatsApp, mitengo ya eni magalimoto atatu yonyamulira matumba 1500 kuchoka ku Ulongwe kufika ku Dedza, pofika Lolemba pa 19 Meyi, 12:00." M'kalata yeniyeni palembedwe dzina la munthuyo, ndipo likhale la munthu mmodzi. Ngati ntchito ndi ya awiri, mmodzi atchulidwe kuti ndiye adzayankhe. Chiganizochi chili ndi munthu, chochita, wolandira ndi nthawi, ndipo chilichonse mwa zimenezi chingamasuliridwe osataya kanthu. Ola laikidwapo chifukwa "pofika Lolemba" ena amamva kuti Lolemba lisanafike, ena kuti Lolemba madzulo. Mneni akhale woti ntchito ikachitika ionekere: kutumiza, kulipira, kuimba foni, kubweretsa. "Kuona za magalimoto" ndi "kulondoloza nkhaniyi" palibe amene angatsimikize kuti zachitika kapena ayi.

Nambala ija ya 1500 yalembedwa dala popanda chizindikiro pakati. Ku Malawi timalemba 1,500, koma m'Chipwitikizi koma ndiye amalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake, ndiye 1,500 ingawerengedwe ngati chimodzi ndi theka, pomwe 1500 yathuyo iwo amailemba 1.500. Pa matumba munthu angazindikire kuti thumba limodzi ndi theka silifuna galimoto, koma pa matani kapena pa mtengo wa kilogalamu cholakwikacho chimatha kudutsa osaoneka. Ndalama nazo zitchulidwe mtundu wake nthawi zonse, MWK pa makwacha, MZN pa metikali. Ndipo thumba linenedwe kulemera kwake, chifukwa thumba la chimanga la makilogalamu 50 si lofanana ndi thumba la mbatata losokerera pamwamba limene timaliona m'mbali mwa msewu.

Kalata isanatumizidwe iyesedwe. Mlembi apatse mbali ya Chipwitikizi yokha kwa munthu mmodzi wa ku Ulongwe amene sanaone ya Chichewa, ndipo amufunse mafunso atatu: tikumana liti, tikasankha chiyani, ndani ayenera kutumiza chiyani. Asamufunse kuti "mwamva?", chifukwa mwaulemu ayankha kuti inde. Mayankho ake akasiyana ndi zimene mlembi amafuna, kawirikawiri cholakwika chimapezeka m'Chichewa choyambacho, pamene panali mawu obisa mwini ntchito kapena tsiku lopanda deti. Pokonza, akonze mizere yonse iwiri nthawi yomweyo.

Pamphindi 10 zomaliza za msonkhano, mlembi awerenge ntchito iliyonse m'zinenero zonse ziwiri, ndipo mwini wake aibwereze m'chinenero chimene iye amamasuka nacho. Ntchito iliyonse isunge nambala ya mutu umene yachokera, kuti yotuluka pa nkhani ya magalimoto ikhale 2 m'maminitsi monga inalili m'kalata. Gulu ligwirizanenso pachiyambi pomwe kuti mbali ziwiri zikadzapezeka zikusiyana, itsatidwe iti. Nthawi zambiri imakhala imene inalembedwa koyamba, ndipo izi zilembedwe kumapeto kwa kalata m'zinenero zonse.

Zonsezi zimagwiranso ntchito pa komiti ya sukulu kapena ya kopaletivu imene imasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, kupatula msampha wa maina a masiku ndi wa koma pa manambala. Inu alembi, mndandanda wa ntchito uja muutumize tsiku lomwelo msonkhano ukatha, m'zinenero zonse ziwiri mu uthenga umodzi. Musatumize Chichewa lero n'kulonjeza kuti chinacho chibwera mawa.