Chifukwa chake liwiro la makompyuta linasiya kukwera

Kutentha kwa mwezi wa Okutobala ku Balaka ndi ku Liwonde sikutopetsa anthu okha. Foni imene m'mawa imathamanga bwino, ikafika masana pamsika imayamba kukoka miyendo, imatentha kumsana cha pafupi ndi kamera, ndipo ina imachepetsa yokha kuwala kwa sikirini. Ambiri amathamangira kwa okonza mafoni poganiza kuti yagwidwa ndi vayirasi kapena kuti anawagulitsa yabodza. Koma nthawi zambiri foniyo imakhala ilibe vuto. Imadzichepetsera liwiro mwadala kuti isapse, ndipo chimene chimaikakamiza kutero ndi chomwenso chinachititsa kuti makampani opanga mapurosesa asiye mpikisano wa liwiro zaka 20 zapitazo.

Nambala ya GHz imene imalembedwa pa bokosi la foni kapena laputopu imatiuza kuti purosesa imagunda kangati pa sekondi imodzi. 2 GHz ndiye kuti ka 2 biliyoni. Kwa zaka zoposa 30 nambalayi inkangokwera. Purosesa ya Intel 4004 ya mu 1971 inkagunda ka 740,000 pa sekondi. Mu 2000 kampani ya AMD inafika pa 1 GHz, ndipo kumapeto kwa 2004 Pentium 4 inali pa 3.8 GHz. Chaka chomwecho Intel inalengeza kuti yasiya ntchito yotulutsa Pentium 4 ya 4 GHz. Nzeru zinali zisanathe, koma ya 3.8 GHz ija inkatulutsa kale kutentha kwa mawati 115 kuchokera pa kachidutswa kofanana kukula ndi chikhadabo.

Gwero la kutenthaku si lovuta kulimvetsa. M'kati mwa purosesa muli matiranzisita mabiliyoni, timaswichi toyatsa ndi kuzimitsa magetsi. Swichi ikayatsa imadzaza magetsi pang'ono m'kawaya kolumikizika nayo, ikazimitsa magetsiwo amatayidwa, ngati munthu wodzaza ndowa n'kuikhuthula nthawi yomweyo, ndipo mphamvu yonseyo imasanduka kutentha. Akatswiri amalemba kuti P = C × V² × f. P ndi mphamvu imene purosesa ikudya, C ndi kukula kwa malo odzazidwa magetsi, V ndi voliteji, f ndi liwiro la kugunda. Mtima wa nkhani uli pa V, chifukwa amawerengedwa kawiri: voliteji ikakwera, magetsi odzaza kawaya kaja amachuluka, komanso aliwonse mwa magetsiwo amanyamula mphamvu yambiri. Kuwirikiza liwiro kawiri kumawirikiza kutentha kawiri, pomwe kuwirikiza voliteji kawiri kumakuwirikiza kanayi. Ndipo ziwirizi zimayendera limodzi, pakuti tiranzisita imafuna voliteji yokwera kuti imalize ntchito yake msanga.

Tiyerekeze purosesa imene ikudya mawati 2 pa 2 GHz ndi voliti imodzi. Tikaitsitsa kufika pa 1.6 GHz, ndipo voliteji nayo n'kutsika kufika pa 0.8, chiwerengero chimakhala 0.8 × 0.8 × 0.8, chomwe ndi 0.512. Tataya gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro, koma kutentha kwatsika ndi pafupifupi theka, kufika cha pa wati imodzi. Izi ndi zimene foni ya pamsika wa Balaka imachita masana: kachipangizo koyeza kutentha kakaona kuti malire ayandikira, liwiro ndi voliteji zimatsitsidwa pamodzi. Dziwani kuti kutsitsa liwiro lokha kumachepetsa kutentha koma sikupulumutsa batire kwenikweni, chifukwa ntchito yomweyo imangotenga nthawi yaitali. Chimene chimapulumutsa batire ndi voliteji: pa 0.8, kugunda kulikonse kumadya magawo 64 pa 100 a mphamvu imene kunkadya poyamba.

Munthu wa ku Balaka ali ndi chifukwa chabwino chokayikira. Ku Phombeya, m'boma lomwelino, kuli siteshoni ya magetsi kumene kumachokera mawaya a mavoliti 400,000 opita ku Nkhoma ku Lilongwe, ndipo kumeneko voliteji amaikweza kuti magetsi asatayike m'njira. Nanga m'purosesa chinthu chomwecho chikhala bwanji mdani? Yankho n'lakuti ntchito zake n'zosiyana. Pa mawaya a ESCOM cholinga ndi kutumiza mphamvu kutali, ndipo voliteji ikakwera, mphamvu yomweyo imadutsa ndi magetsi ochepa oyenda m'waya, choncho wayayo satentha kwambiri. M'purosesa mulibe mphamvu yoti ikafike kwa wina. Magetsi onse olowamo amathera momwemo ngati kutentha, ndiye ochepa n'ngabwino.

Funso lolemera kwambiri ndi ili: ngati kutsitsa voliteji kumathandiza chotere, bwanji osangopitiriza? Kwa nthawi yaitali n'zimene zinkachitikadi. Mu 1974 Robert Dennard ndi anzake a ku IBM anaonetsa kuti tiranzisita ikachepa, voliteji nayo n'kutsika mofanana, liwiro limakwera koma kutentha kwa pa malo omwewo sikusintha. Mapurosesa anachoka pa mavoliti 5 kupita pa 3.3, kenako kuyandikira voliti imodzi. Vuto n'lakuti tiranzisita iliyonse ili ndi kavoliteji kake koyatsira, ndipo kuti liwiro lisagwe, potsitsa voliteji ya purosesa pamafunika kutsitsanso kameneka. Koma tiranzisita yosavuta kuyatsa sizimanso bwino: imadontha magetsi ngakhale ili yozima. Kutsitsa kavoliteji koyatsira ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a voliti kumawirikiza kudonthako pafupifupi kakhumi, ndipo kutentha kumakukulitsanso. Cha m'ma 2005 voliteji inali itaima pafupi ndi voliti imodzi, ndipo kuyambira pamenepo liwiro lililonse lowonjezera linayamba kulipiridwa ndi kutentha.

Makampani anatembenukira ku chiwerengero chathu chija. Mapurosesa awiri a 1.6 GHz amadya pafupifupi mawati 2, mofanana ndi imodzi ya 2 GHz, koma pamodzi angathe kugwira ntchito yochuluka ndi magawo 60 pa 100. N'chifukwa chake Intel inatulutsa Core 2 Duo mu 2006, ndipo lero ngakhale foni yotchipa imalembedwa kuti octa-core, kutanthauza zigawo zowerengera zisanu ndi zitatu. Phinduli si laulere. Limapezeka pa ntchito yogawika yokha, monga kukonza vidiyo. Ntchito imene sitepe iliyonse imadikira inzake imagwiridwa ndi chigawo chimodzi, zinazo zili khale.

Ena anganene kuti liwiro silinaime, popeza mu 2023 Intel inagulitsa purosesa yofika pa 6 GHz. N'zoona, koma kuchoka pa 3.8 kufika pa 6 kunatenga zaka zoposa 18, pomwe kuchoka pa 1 kufika pa 3.8 kunatenga zosakwana zisanu. Komanso 6 GHz imeneyo imafikidwa ndi zigawo ziwiri zokha, makina akazizira mokwanira, pa purosesa yotha kudya mawati oposa 250. Foni wamba ilibe fani, ndipo imatha kutaya mawati ochepa chabe kudzera m'thupi lake. Mpweya ukakhala pa madigiri 35 m'malo mwa 25, mpata wotayira kutenthako umachepa, choncho foni yomweyo imafulumira kudzitsitsa ku Balaka kusiyana ndi ku Dedza.

Choncho GHz ya pa bokosi ndi liwiro la kanthawi kochepa, osati la tsiku lonse. Foni yanu ikayamba kuchedwa itatentha, ichotseni pa chaja, ivuleni kava, muiike pamthunzi. Ikabwerera mwakale itazizira, musalipire aliyense. Koma ikamachedwa ngakhale m'mawa ili yozizira, kapena kumsana kwake kukatupa, vuto lili pena, ndipo pamenepo pitani nayo kwa wokonza.