Malipiro a Madola: Mawu a mu Kontrakiti Ndiwo Amapulumutsa Kapena Kugwetsa Munthu

Pa 9 Novembala 2023, Amalawi adadzuka n'kupeza kuti dola imodzi ya ku Amerika, yomwe dzulo lake mabanki ankagulitsa pa K1,180, yafika pa K1,700. Banki yaikulu ya dziko lino idali itachepetsa mphamvu ya kwacha, patangopita chaka ndi theka chichitireni zomwezo mu Meyi 2022. M'maminibasi ndi m'misika anthu ankadandaula, ndipo ambiri ankasirira anzawo ogwira ntchito m'mabungwe akunja, m'maofesi a akazembe, ndi achinyamata amene amagwirira ntchito makampani akunja pa intaneti. Amvekere: "Awo ndiye alemera, paja amalandira madola."

Ena mwa iwo adapinduladi. Koma ena adasauka tsiku lomwelo ngati wina aliyense, ngakhale kuti pakalata yawo ya ntchito padalembedwa madola. Kusiyana kwake kudagona pa mizere iwiri kapena itatu ya mu kontrakiti, imene anthu ambiri amaidumpha pothamangira kusaina.

Tiyerekeze anthu atatu okhala ku Lilongwe, aliyense malipiro ake ndi madola 1,000 pamwezi. Woyamba, abwana ake amamuikira madola enieniwo mu akaunti ya ndalama zakunja, imene kubanki amailemba kuti FCDA. Wachiwiri amalandira makwacha, koma amawerengetsera pa mtengo wa dola wa tsiku lolipira. Wachitatu amalandiranso makwacha, koma kontrakiti yake idakhomerera mtengo wosinthira pa tsiku limene adasaina, kapena pa mtengo umene bungwe lake lidaika mu bajeti ya chaka chonse. Onse atatu akafunsidwa amayankha monyadira kuti amalipidwa m'madola.

Kuti masamu asavute, tigwiritse ntchito mitengo iwiri ija. Mu Okotobala 2023 aliyense adali ndi ndalama yokwana pafupifupi K1,180,000. Pakutha pa Novembala, woyamba ndi wachiwiri adali pa K1,700,000, kutanthauza kuti K520,000 idawonjezekera popanda kukwezedwa pantchito. Wachitatu adatsala pa K1,180,000 yomwe ija. Ndalama imeneyi ikagawidwa ndi 1,700 ikungokwana madola 694. Munthuyu adataya madola 306 pamwezi, ndipo phindu lake lidatsalira kwa olemba ntchito, amene tsopano ankasintha madola ochepa kuti amulipire. Mabungwe ena amakonza malipiro zikatere, koma ngati kontrakiti sinena kanthu, zimangodalira chifundo cha abwana ndi nthawi imene likulu la bungwelo lingavomereze.

Nkhani ya wachiwiri uja ndiyo yofunika kuimvetsetsa, chifukwa chisangalalo chake sichidakhalitse. Mu Malichi 2024 mtengo wa dola kubanki udasunthira pa K1,751, ndipo udaima pomwepo chaka chonsecho mpaka kulowa mu 2025. Mitengo ya zinthu yokha ndiyo sidaime. Mu 2024 idakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, moti katundu amene banja linkagula ndi K1,000,000 kumayambiriro kwa chaka ankafuna ndalama yoyandikira K1,300,000 chaka chikamatha. Malipiro a munthu wathu, pa mtengo wa kubanki, adangokhala cha pa K1,751,000 mwezi ndi mwezi.

Chidachititsa n'chiyani? Madola ankasowa m'mabanki. Amalonda ambiri oitanitsa katundu kunja, kaya ndi zitsulo za galimoto, zovala, mafoni kapena malata, ankakagula madola kwa mavenda pa mtengo umene mu 2025 udaposa kuwirikiza kawiri wa kubanki, ndipo mtengo umenewo ndiwo ankauika pa katundu wawo. Choncho wolandira madola ankasinthitsa malipiro ake pa mtengo wotsika wa kubanki, n'kumagula zinthu pa mtengo wokwera wa kumsika. Ili ndi tsoka limene mabuku ambiri a zachuma salitchula, poti amalembedwa m'maiko amene dola ili ndi mtengo umodzi. Kuno, dola ikhoza kuima nji papepala pamene m'thumba ikusungunuka.

Apa m'pamene chiyeso chopita kwa mavenda chimabwera. Kusintha ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo ndi mlandu m'Malawi, ndipo anthu amamangidwa, ndalama n'kulandidwa. Palinso ndalama zachinyengo zomwe zimayenda m'malo oterewa, ndipo wobedwa sangakadandaule kupolisi. Malo ovomerezeka ndi mabanki ndi mabiyuro okhala ndi chiphaso, ndipo mitengo yawo imasiyanako pang'ono, choncho kufunsa malo awiri kapena atatu musanasinthe si kutaya nthawi.

Woyamba uja, wa madola enieni mu akaunti, ali ndi mwayi umene anzakewo alibe: amasankha yekha tsiku losintha komanso kuchuluka kwa ndalama zosintha. Mwayi umenewu umawonongeka mosavuta munthu akamasintha malipiro onse tsiku limene alowa. Banki ili ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Nthawi imene inkagulitsa dola pa K1,751, inkagula pa mtengo wa cha m'ma K1,717. Wosintha madola 1,000 ankalandira K1,717,000, koma akafuna kuwagulanso ankayenera kupereka K1,751,000. Ndiye kuti K34,000 yapita, osawerengera ndalama zimene banki imadula pa ntchito yake. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti madolawo mwina sangawapezenso. Anthu akhala akudikira milungu ngakhale miyezi kuti banki iwapatse ndalama zakunja zolipirira sukulu ya mwana kapena chipatala kunja.

N'chifukwa chake nzeru yoyamba ndi kugawa ndalama malinga ndi kumene zikupita. Munthu alembe zonse zimene amalipira m'makwacha, monga lendi, chakudya, magetsi, madzi, mafuta a galimoto ndi thandizo la kumudzi, ndipo asinthe madola okwanira zimenezo basi. Zimene adzalipire m'ndalama zakunja, monga fizi ya mwana wophunzira ku Joni, mayeso a ukatswiri, tikiti ya ndege kapena mankhwala oitanitsa, azisiye m'madola momwemo. Pa madola 1,000 aja, ngati zofunika za panyumba zikukwana K1,200,000, asinthe madola 700, omwe pa K1,717 akupereka K1,201,900, ndipo 300 otsalawo akhale. Malamulo a maakaunti a ndalama zakunja amasinthasintha, makamaka nthawi imene madola akusowa, ndipo banki yaikulu nthawi zina imalamula magulu ena kusintha gawo la ndalama zawo. Ndi bwino kufunsa kubanki, ndi kupempha yankho lolembedwa, kuti ndalama zikalowa zingakhale nthawi yaitali bwanji, zingatumizidwe kunja motani, ndipo amadula zingati pamwezi.

Anthu ambiri amaganiza kuti dola imangokwera basi. Anzathu a ku Zambia adaona zina mu 2021. Chapakati pa chakacho dola inkasinthidwa pa makwacha a ku Zambia opitirira 22, koma pofika mu Seputembala, chisankho cha mu Ogasiti chomwe chidalowetsa a Hakainde Hichilema m'boma chitadutsa, idatsika kufika cha m'ma 16. Wolandira madola 1,000 ku Lusaka kapena ku Chipata adachoka pa makwacha 22,000 kufika pa 16,000 m'miyezi iwiri yokha. Lendi sidatsike, ngongole ya kubanki sidatsike, fizi sidatsike. Amene adatenga ngongole ya nyumba kapena galimoto powerengera mtengo wa 22 adaona zakuda.

Phunziro la ku Zambia ndi la bajeti. Wolandira ndalama zakunja asamakonze moyo wake pa mtengo wa lero, koma pa mtengo wotsikirapo, mwina ndi 10 kapena 15 peresenti. Zotsalazo zikhale zosunga, osati zolowera m'nyumba ya lendi yokwera. Pa ngongole, funso ndi limodzi: ndalama yobwezera ikuchokera kuti? Ngongole ya m'madola imayenera munthu amene madola enieni amalowa mu akaunti yake, ndipo kontrakiti yake ndi yotalika kuposa ngongoleyo. Wachitatu uja akadakhala ndi ngongole yobweza madola 200 pamwezi, ikadachoka pa K236,000 kufika pa K340,000 usiku umodzi, malipiro ali pomwepo. Ntchito za m'mabungwe zambiri zimakhala za chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mu 2025 ambiri adazionera okha pamene boma la Amerika lidaimitsa thandizo lodzera ku USAID.

Achibale a ku Joni, amene amalandira marandi, ali ndi vuto la pawiri, chifukwa randi nayo imavina pamaso pa dola. Kumayambiriro kwa 2020 dola inkagula marandi osakwana 15, koma pofika mu Epulo idafika pa 19. Potumiza ndalama kumudzi, chofunika kuyerekeza si ndalama yodulidwa yokha. Kampani ina imadula zochepa koma mtengo wake wosinthira n'ngotsika. Funso labwino ndi lakuti: ndikapereka marandi 1,000, mayi kumudzi alandira makwacha angati m'manja?

Nanga makwacha otsala m'manja, makamaka kwa wachiwiri ndi wachitatu amene saona dola n'komwe? Kuwasiya mu akaunti wamba pamene mitengo ikuthamanga ndi kuwataya pang'onopang'ono. Mabanja ambiri amadziwa kale njira yolipiriratu zinthu zomwe adzazifune ndithu: fizi ya chaka chonse ngati sukulu ikulola, chimanga nthawi yokolola, feteleza mvula isanayandikire, malata a nyumba yomwe ikumangidwa. Simenti yokha imafuna kusamala, poti ikakhalitsa imauma. Palinso kubwereketsa ndalama ku boma kudzera kubanki kwa masiku 91, 182 kapena 364. Mu 2024 chiwongoladzanja cha masiku 364 chidali cha m'ma 26 peresenti, chomwe sichinkapambana kukwera kwa mitengo, koma chinkachepetsa bala. Msonkho nawo usaiwalike. MRA imawerengera m'makwacha, choncho dola ikakwera msonkho umakweranso, ndipo wogwirira ntchito kampani yakunja pa intaneti, amene palibe womudula msonkho pamwezi, ayenera kudzipatulira yekha ndalamayo.

Chitetezo chachikulu chimapezeka munthu asanasaine, nthawi imene olemba ntchito akumufunabe. Kontrakiti inene momveka kuti ndalama idzalowa m'madola kapena m'makwacha. Ngati ndi m'makwacha, itchule mtengo wa banki iti, wogulira, wogulitsira kapena wapakati, komanso wa tsiku liti. Ngati mtengo ndi wokhomerera, pakhale mzere wonena kuti dola ikasuntha kupitirira mlingo wakutiwakuti, mwachitsanzo 5 peresenti, malipiro adzawerengedwanso mwezi womwewo. Ndipo chifukwa cha zimene zidachitika mu 2024, ndi bwino kupemphanso kuti malipiro aziunikidwa chaka chilichonse potengera kukwera kwa mitengo ya zinthu m'dziko muno, ngakhale dola kubanki itaima. Amene muli kale pantchito, tulutsani kontrakiti yanu muwerenge ndime ya malipiro, ndipo mizere imene ikusowayo mukaipemphe nthawi yosainanso ikakwana.